Tsiku Limene a Kamwendo Anakana Kunena Kuti Ndi Lusayo

A Gilford Kamwendo anajambula anthu a ku Chilinde kwa zaka zoposa makumi atatu. Ine ndinawadziwa bwino zaka khumi ndi ziwiri zomalizira, chifukwa makina anga osokera ndinkaika pakhonde pa situdiyo yawo, kuseri kwa msika. Dzina langa ndine Mirriam. Aliyense wolowa kukajambulitsa ankayamba wadutsa pambali pa makina anga, ndipo zambiri zonenedwa m'katimo zinkandipeza ndili pa mpando wanga.

Kwawo kunali ku Ntchisi. Anabwera m'tauni mu 1988, nayamba ntchito yosesa m'sitolo ya mmwenye wina wotsuka zithunzi kufupi ndi Bwalo la Njobvu. Kumeneko ndi kumene anaphunzirira kamera, mongoonera. Atapeza yawoyawo, ya filimu, ankazungulira pa njinga m'Kawale, m'Biwi mpaka ku Kaliyeka, kujambula maukwati, ana obatizidwa ndi anyamata ofuna kutumiza chithunzi kwa chibwenzi kumudzi. Situdiyo anaitsegula pambuyo pake. Chinali chipinda chimodzi chokhala ndi mpando wopanda chotsamira, nsalu yoyera ndi yabuluu zolendewera kukhoma, ndi makatoni a zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga.

Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala. Anali ndi khalidwe limodzi limene linkakwiyitsa azimayi. Mayi akabwera ndi khanda n'kufunsa kuti, "A Kamwendo, wafanana ndi bambo ake eti?" iwo ankayankha kuti, "Wafanana ndi makanda anzake." Sankapitirira pamenepo.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti kale, asanatsegule situdiyo, anasinthanitsa mwangozi maenvelopu a anyamata awiri amene anajambulitsa zithunzi za chitupa tsiku limodzi. Mmodzi anathamanga nayo envelopu osatsegula, nakaipereka ku ofesi ina. Kalaliki anatulutsa chithunzi, anayang'ana mnyamatayo kumaso, anayang'ananso chithunzi, n'kudinda. Mnyamatayo anadzazindikira polandira chitupa kuti chili ndi nkhope ya munthu wina.

"Ndiye anyamatawo sanali ofanana n'komwe," anatero a Kamwendo. "Koma kalaliki uja sankawadziwa. Munthu amene sumudziwa, ukamuyerekeza ndi kapepala, umangoona tsitsi lometa, maso awiri ndi mphuno. Kuyambira pomwepo ndinasiya kulumbirira nkhope."

Nkhani imene ndikufuna kunena inachitika mu Juni 2022. Tsidya lina la msewu wathu kunkakhala Mayi Elsie Nyirenda, amene anzawo a kumpoto ankawatchula NyaMhango. Kwawo kunali ku Rumphi, koma anakhala mu Lilongwe kuyambira ali mtsikana, akuphika pa sukulu ina yogonera komweko. Amuna awo anamwalira kale. Ana anali awiri, Sungeni wamkazi ndi Lusayo wamwamuna. Lusayo anapita ku Joni mu 2014 ali ndi zaka 23. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni. Kenako foni yake inasiya kulira, ndipo kuchokera pamenepo palibe anamvanso za iye.

Lachiwiri lina m'mawa, chithunzi chinafika pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo. Chinali cha mwamuna wogona chagada pa tebulo lachitsulo, maso ali otseka, nsalu itafika m'khosi. Pansi pake panalembedwa kuti munthuyu wamwalira pa chipatala china ku Joni, alibe chitupa, akuganiziridwa kuti ndi Mmalawi, ndipo abale akapanda kupezeka boma limuika lokha. Mayi wina wa kumpingoko anawonjezera mawu ake: "Kodi si Lusayo wa NyaMhango uyu?"

Pofika masana nkhani inali itafika pamsika. Nanenso ndinachiona chithunzicho pa foni ya mnzanga, ndipo ndinene zoona, ndinamuona Lusayo. Ndinamusokerapo thalauza asananyamuke, ndipo nsidze zija ndinati ndi zake.

Cha m'ma thuu koloko anabwera atatu: Mayi Nyirenda, Sungeni, ndi a Zebedee Nyirenda, mng'ono wa malemu bambo a Lusayo, mkulu wa mpingo wa ku Area 25. Chithunzi chabwino cha Lusayo kunyumba kunalibe, koma anakumbukira kuti cha pasipoti anajambulitsa kwa a Kamwendo. Ndinasiya makina n'kulowa nawo, poti mayiwo ankayenda ngati agwa.

A Kamwendo anafufuza pa kompyuta yawo yakale mpaka anachipeza, n'kuchisindikiza. Lusayo anali atavala malaya oyera, akuyang'ana kutsogolo, milomo ili yotseka. A Zebedee anaika foni pambali pa chithunzicho patebulo.

"Alamu, palibenso chokayikitsa apa," anatero kwa mayiwo. "Chipumi ichi ndi cha achimwene anga. Ndi cha kwathu."

"Ine ndikuona pakamwa," anatero Sungeni akulira. "Mlomo wam'munsiwu."

Ine ndinatchula nsidze zanga zija. Mayi Nyirenda anangogwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenako a Zebedee anatembenukira kwa a Kamwendo. "Bambo, inu nkhope ndiye ntchito yanu. Mwanayu munamujambula ndinu. Tiuzeni kuti ndi yemweyu, tikayambe kudziwitsa kumudzi."

A Kamwendo anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali. Atatero anavula magalasiwo.

"Sindinganene kuti ndi iye," anatero. "Sindinganenenso kuti si iye."

"Ndiye mwanena chiyani?"

"Ndanena zimene zithunzizi zikundilola kunena. Taonani, mwaima anthu atatu pano. Wina wagwira chipumi, wina mlomo, wina nsidze. Palibe wagwira pamene wagwira mnzake. Ndifunseko, ndani mwa inu anachiona chithunzichi asanawerenge dzina la Lusayo pansi pake?"

Tinangoyang'anizana. Tonse tinayamba tawerenga kapena kumva dzinalo.

"Dzina likalowa m'khutu, diso limapita kukafuna mwini dzinalo," anatero. "Pofanana limaima, posiyana limalumpha. Si bodza mukunena ayi. Ndi mmene tonse tinapangidwira."

A Zebedee anakwiya, koma mwaulemu wa mkulu wa mpingo. Anatulutsa foni yawo ina, n'kutionetsa zimene mwana wawo anawatumizira. Anali ataika chithunzi chakale cha Lusayo ndi cha malemuyo mu pulogalamu ina ya pafoni yoyerekeza nkhope, ndipo inalemba kuti akufanana 86 pa 100. "Makina alibe chisoni," anatero. "Awa sanawerenge dzina."

A Kamwendo sanatsutse. Anapempha Sungeni kuti aike pulogalamu yomweyo pa foni yake, kenako anapita pa makatoni awo n'kusankha zithunzi za anyamata angapo ometa mpala, a msinkhu wa Lusayo. Sungeni anayerekeza chimodzichimodzi ndi cha malemuyo. Wina anapeza 61, wina 74. Mnyamata wina wa ku Kaliyeka, amene ndinkamudziwa ndipo m'mawa womwewo ndinamuona akukankha wilibala ya makala, anapeza 83.

"Kachipangizoka kamayeza kuti zithunzi ziwiri zayandikana bwanji," anatero a Kamwendo. "Sikakudziwa kuti munthuyo ndani. Mukakapatsa chithunzi china cha Lusayo yemweyo, nambala isintha. Mwina alipo makina abwino kuposa awa kumaofesi akuluakulu, koma ngakhale amenewo amafuna chithunzi chooneka bwino, cha munthu woyang'ana kutsogolo. Ichi si chotero."

Atatero anapempha a Zebedee kuti akhale pa mpando uja. Anakana kaye, koma Mayi Nyirenda anati, "Khalani, alamu." Aka kanali koyamba kulankhula chilowereni.

A Kamwendo anawajambula ndi foni ya Sungeni ataiyandikitsa pafupi ndi mphuno. Kenako anabwerera mpaka pakhomo, n'kuwajambulanso ndi kamera yawo yaikulu atakoka chithunzi kuti nkhope idzaze mofanana. Kachitatu anawatulutsa panja, anawauza kuti aweramutse mutu ndi kutseka maso, n'kuwajambula kuchokera m'munsi mwa chibwano. Anasindikiza zonse zitatu n'kuziyala patebulo.

Pa choyamba a Zebedee anali ndi mphuno yaikulu, nkhope yowonda, makutu osaoneka bwino. Pa chachiwiri nkhope inali yotambalala, makutu ali poyera, mphuno yabwinobwino. Pa chachitatu chipumi chimene ankanyadira chija chinali chitachepa, nsagwada zitakula, ndipo khungu linali loyererapo chifukwa cha dzuwa la panja. Sungeni anachiyang'ana n'kuuza bambo ake aang'onowo motsitsa mawu kuti, "Adada, apa ndikanakudutsani pamsewu."

"Munthu mmodzi, mphindi zisanu," anatero a Kamwendo. "Kamera ikayandikira, chimene chili pafupi nayo chimakula, ndiye mphuno. Ikatalikira nkhope imaphwatalala. Ukajambula kuchokera m'mwamba chipumi chimakula, kuchokera m'munsi chibwano chimakula. Khungu lathuli pa chithunzi limada kapena kuyera malinga ndi kuwala kwa pamalopo. Tsono ganizani. Lusayo ndinamujambula atakhala tsonga, ine ndili patali mamita awiri, nyale zili mbali zonse. Uyu wajambulidwa atagona, wojambula ataima chakumapazi, pansi pa getsi limodzi. Munthu akagona chagada masaya amagwera m'mbuyo. Akamwalira nyama ya kumaso imalefuka, nsagwada imagwa, nthawi zina nkhope imatupa. Maso, amene timadziwira munthu kwambiri, ndi otseka. Pamwamba pa zonsezo papita zaka zisanu ndi zitatu. Sitikudziwa ngati Lusayo ananenepa kapena anawonda."

Anakulitsa chithunzi cha malemuyo pa kompyuta. Chinasanduka timabokosi totuwa. Anafotokoza kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga, ndipo ichi chinali chojambulidwanso kuchokera pa sikirini ya foni ina, mwina kangapo. Timadontho ta pakhungu, mizere ya m'mphepete mwa maso, kapangidwe ka khutu, zonse zinali zitafufutika. "Pamene chithunzi chasiya mpata," anatero, "mtima wa woonayo umadzazapo zake."

A Zebedee analoza kachidontho kakuda pa tsaya lamanzere la malemuyo. Lusayo anali ndi kachipsera pa tsaya, aliyense ankadziwa.

"Kanali kumanja," anatero Mayi Nyirenda.

"Mafoni amatembenuza zithunzi, alamu."

"Imatembenuza ndi kamera yakutsogolo, munthu akamadzijambula yekha, ndiponso si mafoni onse," anatero a Kamwendo. "Wojambula maliro amagwiritsa yakumbuyo. Komanso kadonthoka sindikudziwa ngati ndi chipsera, bala latsopano kapena mthunzi. Mwaona zimene tachita? Chofanana tachiwerenga ngati umboni. Chosiyana tachipezera chifukwa."

Panatsala chinthu chimodzi chimene anachita. Anayala patebulo zithunzi zisanu ndi chimodzi za anyamata aja, cha Lusayo chili pakati pawo, nandituma kuti ndiitane anthu a pamsika amene anabwera ku Chilinde posachedwa, osamudziwa Lusayo. Ndinapeza anayi: mayi wogulitsa tomato, ometa tsitsi awiri ndi bambo wokonza nsapato. Ankalowa mmodzimmodzi. Aliyense ankaonetsedwa malemuyo popanda dzina, n'kufunsidwa ngati alipo pa zithunzi zija. Mayi wa tomato analoza mnyamata wa makala uja. Wometa mmodzi analoza Lusayo, mnzake analoza wina. Wokonza nsapato anayang'ana kwa nthawi, n'kunena kuti palibepo.

Anthu aja atatuluka, Mayi Nyirenda anafunsa, osayang'ana munthu aliyense: "Nanga ine mayi wake? Inenso sindingamudziwe mwana wanga?"

A Kamwendo anakhala pansi moyang'anizana nawo. "Amayi, Lusayo atatulukira uko kumsika, inu mungamudziwe asanatembenuke n'komwe. Mumadziwa kayendedwe kake, mapewa ake, mmene amapendekera mutu. Ngakhale pa chithunzi choipa cha iye wamoyo mungamudziwe kuposa ife tonse. Koma apa palibe kuyenda, palibe mawu, palibe maso. Ndiye ndikufunseni inuyo. Mutachiona m'mawa muja, munamuona?"

Mayiwo anayang'ananso chithunzi cha malemuyo. "Ndinaona kuti ndatopa," anatero. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugona foni ili pamtsamiro. Nditaona chithunzichi ndinati, kaya, mwina Mulungu wandimvera chisoni kuti ndikamuike pafupi ndi bambo ake. Koma kunena kuti ndinamuona, sindikudziwa."

A Zebedee anaweramitsa mutu. Sanali munthu woipa. Ankaopa kuti mwana wa mkulu wawo aikidwa m'manda a boma ngati wopanda abale, iwo ali chikhalire kukangana za mphuno. Ananenadi zimenezo.

"Mantha anu ndi oona," anatero a Kamwendo. "Ndiye tisachedwe. Koma tisiye nkhope. Kodi pathupi pake pali chimene sichisintha, chimene kamera singanamize?"

Mayi Nyirenda anakumbukira msanga. Ali Fomu 2, Lusayo anachitidwa opaleshoni ya apendikisi, ndipo anatsala ndi chipsera chachitali m'munsi mwa mimba kumanja. Chala chake chaching'ono cha kumanzere chinali chokhota, chinathyoka pa mpira. Kutalika kwake kunali kolembedwa pa fomu ya pasipoti imene Sungeni anasunga.

A Zebedee anaimbira Gordon, mwana wa mkulu mnzawo wa mpingo, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Joni. A Kamwendo anawalangiza kuti asamutumizire chithunzi cha Lusayo, angomuuza zinthu zitatuzo basi. Gordon anavomera kupita kuchipatalako Lachinayi, tsiku lake lopuma.

Masiku awiri amenewo anali olemera. Azimayi a umanyano, gulu la amayi la kumpingo kwawo, anali atayamba kale kufika kunyumba kwa Mayi Nyirenda, ena atanyamula nkhuni. Sanadziwe ngati ayimbe nyimbo za maliro kapena angokhala. Pamsika ena ankati a Kamwendo ndi ouma mtima, akuzunza mayi wamasiye ndi nzeru za m'kamera. Wina anawanenera pamaso pomwe. Koma ine ndinaona kuti Lachitatu lonse sanadye, ndipo kawiri konse ndinawapeza atatsegulanso zithunzi ziwiri zija pa kompyuta. Nditalowa anandiuza kuti, "Mayi Mirriam, akhoza kukhaladi iyeyo. Akakhala iyeyo, ndawonjezera masiku awiri pa chisoni cha mayi uja. Koma akakhala wina, bwenzi titanyamula mwana wa eni ake kukamuika ku Rumphi."

Gordon anaimba Lachinayi masana. Sungeni anabwera yekha kudzatiuza. Wogwira ntchito kumalo osungira maliro anavundukula thupi Gordon akuona. Pamimba panalibe chipsera chilichonse. Zala zonse zinali zowongoka. Munthuyo anali wamtali kuposa Lusayo pafupifupi chikhatho chathunthu, chinthu chimene chithunzi cha nkhope yokha sichikanationetsa. Patapita milungu itatu tinamva kwa Gordon yemweyo kuti aboma kumeneko anamuzindikira ndi zidindo za zala, ndipo sanali Mmalawi n'komwe. Abale ake anabwera kudzamutenga.

Ndinkaganiza kuti Mayi Nyirenda abwera akusangalala. Anabwera patatha mwezi, m'mawa, atafunda chitenje chifukwa cha chisanu. Anaima pakhomo pa situdiyo osalowa.

"A Kamwendo, mwandilanda maliro," anatero.

"Ndikudziwa, amayi. Pepani."

"Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni. Ndabwereranso pamene ndinali."

"Musadzikakamize."

Anaimabe pang'ono. Kenako anati mayi wa munthu uja, kulikonse kumene ali, wamuika mwana wake ndi manja ake, ndipo zimenezo ndi zabwino. Anapempha kuti chithunzi cha pasipoti chija achikulitse. A Kamwendo anachikulitsa tsiku lomwelo, nachiika mu felemu yamatabwa, ndipo ndine ndinakachipereka kunyumba kwawo. A Zebedee anabwera Loweruka lotsatira, anagwirana chanza ndi a Kamwendo, nakhala pakhonde langa pafupifupi ola akukamba za mvula ndi mitengo ya fetereza. Za chithunzi sanatchule.

Chaka chotsatira maso a a Kamwendo anayamba kuchita ng'ala. Diso limodzi analichita opaleshoni, koma anati manja nawonso ayamba kunjenjemera, ndipo anthu ambiri tsopano akudzijambula okha. Mu 2024 anatseka situdiyo n'kubwerera ku Ntchisi, kumene akulima soya ndi mwana wawo wamkazi. M'chipinda chija tsopano mukugulitsidwa machaja ndi makava a mafoni. Ine ndikadali pakhonde pomwepo.

Zithunzi zikubwerabe. Sungeni akuti chiyambire nthawi ija walandira zinayi: wina wogona pamsewu ku Durban, wina woimba kwaya pa vidiyo, awiri omwalira. Onse otumiza amalemba kuti ndi Lusayo ndithu, palibe kukayika. Iye sathamangiranso nazo kwa mayi ake. Amayamba waimbira amene watumizayo, n'kufunsa ngati alipo angapite kukamuona munthuyo, kumufunsa dzina la mudzi wa kwawo ngati ali moyo, kapena kuyang'ana chala ndi pamimba ngati wamwalira. Wa kwaya uja anapezeka kuti ndi wa ku Chipata, ndipo anaseka kwambiri pafoni.

Mayi Nyirenda anapuma ntchito chaka chatha. Mwezi wapitawu anabweretsa nsalu yoyera kuti ndiwasokere bulauzi yatsopano ya umanyano, poti yakale yayamba kuwakulira. Ndikuwayeza, ndinawafunsa ngati pali chimene chamveka. Anati palibe. Anandiuza kuti ndisafinyitse m'khwapa ngati ulendo watha, ndipo adzaitenga Lachisanu.